Munda wa ekala imodzi ku Mitundu: matumba 24 anatsika n'kufika pa 9

Nkhaniyi ndi ya banja lina la kufupi ndi Mitundu, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, lomwe ndinagwira nalo ntchito monga mlangizi wa zaulimi. Mayina awo sinditchula. Bambo wa pabanjapo ndi wachikulire, analandira mundawo kuchokera kwa amalume ake, ndipo iye ndi mkazi wake aulima kwa zaka zoposa 20. Ndi ekala imodzi ya dothi lofiira la katondo, lotsetsereka pang'ono kulowera kudambo. Chaka ndi chaka amabzalamo chimanga, ndipo kadera kakang'ono ka kumunsi nthawi zina amaikako mtedza.

Dandaulo lawo linali lakuti munda wasiya kumva feteleza. Makuponi atangoyamba cha mu 2005, ankathira thumba limodzi la chitowe ndi thumba limodzi la yureya n'kukolola matumba pafupifupi 24 a makilogalamu 50. Kenako zokolola zinayamba kutsika pang'onopang'ono, mpaka 18, mpaka 14. Ataona choncho anagulitsa mbuzi ziwiri n'kuwonjezera thumba lachiwiri la yureya. Chimanga chinabiriwira kwa milungu ingapo koma pokolola anapeza matumba 11. Chaka chomwe anandiitana anakolola 9, chakudya chosafika ndi mu Disembala momwe pa banja la anthu asanu ndi awiri.

Bamboyo anali ndi yankho lake kale. "Alangizi, feteleza wa masiku ano ndi mchenga. Wakale uja ukathira, mawa lake umaona." Achibale ena ankati vuto ndi mbewu, ena ankanong'ona kuti pali munthu amene akukoka zokolola ndi mankhwala. Sindinatsutse chilichonse tsiku limenelo, chifukwa feteleza wosakaniza ndi zinthu zina amapezekadi, ndipo mbewu yachinyengo iliponso. Koma maganizo onsewa amagwa pa funso limodzi: ngati thumba ndi lomwelo, mbewu ndi yomweyo, mvula ndi yomweyo, n'chifukwa chiyani mbali ina ya munda womwewo ikubereka bwino?

Mbali imeneyo anandionetsa ndi mayi wa pabanjapo. Kumtunda kwa munda kuli malo pomwe kale panali khola la ng'ombe za amalume aja. Ng'ombezo zinatha kalekale, koma pamalopo mapesi anali onenepa, aatali kupitirira munthu, zisononkho zake zodzaza mpaka kunsonga. Mayadi khumi okha kuchoka pamenepo mapesi anali owonda, ofika m'chiuno. Mayiyo anati, "Bambo alangizi, ine ndimaona popalira. Kuno chimanga chikadali chaching'ono masamba amafiira ngati apsa, ndipo dzuwa likangowala masiku anayi chimapota masamba. Uko kukhola sichitero."

Zomwe tinaona m'munda

Unali mwezi wa Meyi, mapesi akadali chilili. Tinazula phesi limodzi pakhola, lina pakati pa munda, n'kugwedeza dothi. Mizu ya pakhola inali yambiri, yaitali, ya timizu tosawerengeka ta ngati ulusi. Ya pakati pa munda inali yochepa, yaifupi, yonenepa kunsonga, yoderako, ndipo inangoyenda cham'mbali m'kati mwa mzere osalowa pansi. Mlangizi aliyense amene waonapo mizu yotere amayamba kuganiza za asidi m'nthaka, chifukwa ndi mmene aluminiyamu wa m'dothi la asidi amapundulira mizu. Komabe mizu yaifupi imabweranso chifukwa cha dothi lolimba lomwe limapangika pansi pa mizere khasu likamalekeza pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Tinakumba dzenje lofika m'bondo ndipo tinapezadi dothi lolimbako pansi pa mzere, koma linali kumbali zonse ziwiri, kukhola ndi pakati pomwe. Choncho kulimbako sikukanafotokoza kusiyanako.

Panalinso zizindikiro zina ziwiri. Kaufiti anali atadzaza pakati ndi kumunsi kwa munda, zitsinde zake zouma zili mbuu, ndipo udzu umenewu umakonda nthaka yoguga. Chachiwiri chinatuluka pocheza chabe: mayiyo anati mtedza womwe anabzala kumunsi unabiriwira bwino, koma pofukula makoko ambiri anali opanda njere. Mtedza umamwa kashiyamu kudzera m'makoko enieniwo, kuchokera m'dothi lowazungulira. Dothi likasowa kashiyamu makoko amakula koma m'kati mulibe kanthu, ndipo dothi la asidi wochuluka nthawi zambiri kashiyamu limakhala litataya.

Nditafunsa za mapesi, yankho linali lomwe ndimamva pafupifupi m'mudzi uliwonse. Akakolola, ziweto za m'mudzi zimadya zomwe zingadye, ena amatengako oyatsira moto, anyamata osaka mbewa amatentha otsala, ndipo zinyalala zomwe zapulumuka amaziwunjika n'kuziotcha pososa. Manyowa anasiya kuthira ng'ombe zitatha. Kwa zaka zonsezi m'mundamo munkalowa feteleza wa m'thumba yekha, ndipo munkatuluka chimanga ndi mapesi omwe.

Kutapa dothi

Zizindikiro zimaloza, koma sizinena kuchuluka kwa vuto, ndipo sindikanauza munthu wogulitsa mbuzi kuti agule laimu chifukwa chongoganizira. Tinagwirizana zoyezetsa dothi ku Chitedze, malo a boma ofufuza zaulimi omwe ali kumadzulo kwa mzinda panjira ya ku Mchinji. Dothi amayezanso ku Bunda ndi ku ARET, bungwe lofufuza za fodya.

Apa ndifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa zotsatira zambiri zosokoneza zimayambira pa katapidwe ka dothi, osati kwa oyeza. Tinatapa mu Juni, atamaliza kukolola koma moto usanadutse. Munda sitinautenge ngati chinthu chimodzi. Tinaugawa pawiri, pakhola ndi kwina konse, ndipo gawo lililonse linali ndi ndowa yake yapulasitiki yotsuka bwino. Ndowa yachitsulo kapena thumba lomwe munali feteleza siziyenera, chifukwa zotsalira zake zimalowa m'dothi n'kunamiza oyeza. M'gawo lalikulu tinayenda mokhotakhota kuchokera ngodya ina kukafika ina, n'kuima malo 15. Pamalo aliwonse tinachotsa zinyalala pamwamba, kukumba ndi khasu kambali ka mzere mpaka masentimita 20, n'kusenga kachidutswa kofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tinapewa pachulu, pansi pa mtengo wa mango, pomwe anawotcherapo zinyalala, komanso phando lenileni pomwe panathiridwa feteleza. Dothi lonselo tinalisakaniza m'ndowa, kuphwanya zibuluma, kuliyanika pamthunzi, n'kutengako theka la kilogalamu. Pakhola tinachitanso chimodzimodzi. Pepala la dzina, mudzi, gawo la munda, kuya kwake ndi mbewu yomwe inalimo tinaika lina m'kati mwa jumbo, lina kunja.

Bamboyo anafuna kusakaniza zonse kuti alipire kamodzi. Ndinamuuza kuti tikatero dothi labwino libisa loipa, tilandira manambala a munda womwe kulibe.

Zomwe pepala linanena

Zotsatira zitabwera tinakhala pakhonde atatu, ndipo ndinasankha mizere inayi yokha ya papepalapo.

Woyamba unali wa pH, muyeso wa asidi. Nambala ikamatsika asidi amakhala akuchuluka. Pakhola panali 5.9, gawo lalikulu 4.9. Bamboyo anati, "Ndiye kusiyana kwake ndi kamodzi kokha?" Ayi. Pamuyeso umenewu kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Chimanga chimakula momasuka pH ikakhala cha pakati pa 5.5 ndi 7. Ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu yemwe amakhala chete m'dongo amayamba kusungunuka, ndipo chinthu choyamba chomwe amawononga ndi nsonga za mizu, pomwe muzu umakulira. Ndi mizu ija tinazula mu Meyi. Chimanga cha mizu yotere chimangodya ndi kumwa m'kadothi kochepa ka pamwamba, n'chifukwa chake chinkapota masamba dzuwa likawala masiku ochepa mu Januwale, pamene cha pakhola chinkatunga chinyezi pansi.

Wachiwiri unali wa fosiforasi yemwe mbewu ingathe kumwa. Pakhola panali mamiligalamu 31 pa kilogalamu ya dothi, gawo lalikulu 9 okha, ndipo oyeza analemba kuti ndi wochepa. Apa ndi pomwe bamboyo anadabwa kwambiri, chifukwa chitowe chomwe wakhala akuthira zaka zonsezi chili ndi fosiforasi. Chakale chija cha 23:21:0+4S chinali naye wambiri ndithu, ndipo cha 23:10:5+6S+1Zn chomwe chafala tsopano chili naye wocheperako. Kodi anapita kuti? Wina anatuluka ndi zokolola, koma wambiri akadali m'mundamo. M'dothi lofiira la asidi, fosiforasi amagwidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi n'kukhala wosasungunuka. Zili ngati chimanga chomwe chili m'nkhokwe yotseka pamene ana akugona ndi njala pabwalo. Kuwonjezera apo fosiforasi sayenda m'dothi kukapeza muzu, muzu ndiwo umayenera kumupeza, ndipo mizu ya m'mundamo inali yopunduka. Kufiira kwa masamba komwe mayi ankaona popalira ndi chizindikiro chodziwika cha njala ya fosiforasi pa chimanga chaching'ono.

Wachitatu unali wa zowolerana, kapena kuti chonde chochokera ku zinyalala ndi ndowe zomwe zinawola n'kukhala mbali ya dothi. Pakhola zinali 2.6 pa 100 aliwonse, gawo lalikulu 1.1. Zowoleranazi zimasunga madzi, zimagwira chakudya cha mbewu kuti chisakokoloke, ndiponso zimamanga aluminiyamu kuti asalume mizu. Wachinayi unali wa kashiyamu ndi maginiziyamu, onse otsika m'gawo lalikulu. Potaziyamu anali wokwanira mbali zonse, ndipo zimenezi zinatithandiza kudziwa chomwe sitiyenera kutayira ndalama.

Asidiyo anachokera kuti

Funso ili bamboyo anafunsa yekha, ndipo yankho lake silinamusangalatse. Mbali ina ndi chilengedwe: dothi lofiira lakale ngati limeneli, mvula ikamadutsamo chaka ndi chaka, imatsuka kashiyamu ndi maginiziyamu kupita pansi. Mbali ina ndi zokolola, chifukwa chimanga ndi mapesi zikachoka m'munda zimanyamula michere imeneyi. Koma mbali yaikulu yomwe inali m'manja mwake inali feteleza wa naitirojeni. Yureya akalowa m'dothi, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusintha kukhala naitireti, ndipo posinthapo pamatuluka asidi. Mbewu ikamwa naitireti yense asidiyo amachepako. Koma naitireti akakokoloka ndi mvula, amapita limodzi ndi kashiyamu ndi maginiziyamu, asidi n'kutsala.

Tinawerengera pamodzi kuseri kwa pepala lomwelo. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni. Mwa kuwerengera komwe akatswiri a dothi amagwiritsa ntchito, kilogalamu iliyonse ya naitirojeni wa mtundu umenewu imafuna laimu pafupifupi makilogalamu 1.8 kuti asidi wake athe. Ndiye kuti thumba limodzi la yureya limasiya ngongole ya laimu ya makilogalamu pafupifupi 40. Thumba la chitowe lili ndi theka la naitirojeni ameneyo, ngongole yake cha m'ma 20. Pachaka ndi 60, pa zaka 15 ndi makilogalamu 900 pa ekala, ndipo m'mundamo simunalowepo laimu ngakhale wodzaza dzanja. Kuwerengeraku ndi kongoyerekeza, koma sikunapite kutali ndi zomwe oyeza analemba, kuti munda ukufuna matani awiri a laimu pa hekitala, omwe ndi makilogalamu 800 pa ekala.

Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi ndi thumba lachiwiri lija la yureya. Banja linataya mbuzi ziwiri kuti ligule chinthu chomwe chimanga sichikanatha kumwa chonse chifukwa cha mizu, ndipo chotsalacho chinakokoloka n'kuwonjezera asidi yemweyo. Sikuti yureya ndi woipa, chimanga chimafuna naitirojeni ndipo popanda iye zokolola zikanatsika msanga koposa. Vuto linali lakuti kwa zaka zonsezi uthenga womwe mlimiyu ankamva unali wa matumba awiri basi, ndipo za laimu ndi manyowa zinkangotchulidwa modutsa.

Zomwe tinachita

Matumba 16 a laimu, kuphatikizapo ngolo yowanyamulira, banjali silikanakwanitsa chaka chimodzi. Tinagwirizana zoyamba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a munda, lomwe linafuna matumba anayi. Ndalama yake inachokera pa thumba lachiwiri la yureya lomwe tinagwirizana kuti asagulenso. Popeza maginiziyamu anali wotsika, tinasankha laimu wa dolomaiti, yemwe ali ndi kashiyamu ndi maginiziyamu womwe. Ndinawachenjeza kuti afunse laimu wa m'munda, wa miyala yogaya, osati wopaka nyumba, yemwe amawotcha manja ndipo ndi wovuta kumuyeza.

Laimu anathira mu Seputembala, asanapange mizere. Gawolo analidula panayi ndi zikhomo, kachigawo kalikonse thumba lake, kuti asathire wambiri poyambira n'kuperewera kumapeto. Anawaza m'mawa kusanayambe mphepo, atamanga nsalu kukamwa ndi kumphuno, kenako anaphwanya mizere yakale n'kuunda yatsopano kuti laimuyo asakanikirane ndi dothi. Kusakanizaku n'kofunika kwambiri, chifukwa laimu amayenda pang'onopang'ono m'dothi ndipo akangosiyidwa pamwamba amakonza pamwamba pokhapo. Sayambanso ntchito dothi lisananyowe, choncho yemwe wathiridwa tsiku lobzala sathandiza chimanga pa milungu yoyamba yomwe mizu ikumufuna. Chenjezo lina linali lakuti asasakanize laimu ndi yureya, chifukwa naitirojeni amauluka.

Kuti banjalo lidzionere lokha chomwe chagwira ntchito, magawo anayiwo tinawasiyanitsa. Loyamba linalandira laimu ndi ngolo ziwiri za manyowa a kompositi omwe anapanga ndi mapesi, masamba ndi ndowe za mbuzi. Lachiwiri linalandira manyowa okha, ngolo ziwirinso. Lachitatu linasiyidwa monga kale. Lachinayi, lomwe muli khola lija, sitinaliwerengere chifukwa likanatinamiza. Magawo onse anabzala mbewu imodzi tsiku limodzi, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, ndipo feteleza anali wofanana: thumba la chitowe ndi thumba la yureya pa ekala yonse. Kaufiti ankamuzula asanachite maluwa.

Zokolola za chaka choyamba

Kusiyana kunayamba kuoneka chimanga chisanafike m'bondo. M'gawo loyamba kufiira kwa masamba kunali kochepa kwambiri, ndipo titazula mbewu imodzi mizu inali italowa pansi ndi timizu tambiri. Pokolola, gawo lililonse analiika padera. La laimu ndi manyowa linapereka matumba anayi ndi theka, la manyowa okha atatu, losiyidwa monga kale awiri ndi kachidebe. Tikawerengera pa ekala, ndi 18, 12 ndi cha m'ma 9.

Manambalawa ndiwatenge mosamala. Ndi munda umodzi, nyengo imodzi yomwe mvula inagwa bwino, ndipo panalibe gawo la laimu yekha loti tidziwe mphamvu yake popanda manyowa. Matumba 24 akale aja sanabwerere, ndipo sindinalonjeze kuti abwerera msanga. Laimu amakonza masentimita 15 mpaka 20 a pamwamba, koma ngati asidi ali pansi pake mizu idzaimabe ikafika pamenepo. Zowolerana sizikwera m'chaka chimodzi, zimatenga zaka zingapo za kubwezera mapesi ndi manyowa osalekeza. Njere za kaufiti zimakhala m'dothi zaka zambiri, kotero azizulabe. Ndipo laimu samaliza ntchito kamodzi n'kuiwalika: malinga ngati yureya akulowa m'munda, asidi azibwerera pang'onopang'ono.

Sikuti munda uliwonse womwe zokolola zatsika ukufuna laimu. Mnansi wa banjali ataona gawo loyamba anafuna kugula matumba omwewo, koma munda wake ndi wa dothi lakuda kufupi ndi dambo, ndipo ndinamuuza ayezetse kaye. Kuthira laimu pomwe pH ili bwino kale ndi kutaya ndalama, ndipo ikakwera kwambiri zinki amasowa, chimanga n'kuyamba mizere yoyera m'masamba.

Dongosolo lomwe tinasiyana nalo ndi ili. Chaka chilichonse gawo limodzi lilandire matumba anayi a laimu mpaka munda wonse utatha, koma pakhola pasathiridwe. Gawo lomwe lalandira laimu chaka chatha libzalidwe soya kapena mtedza, chifukwa mbewu zimenezi zimapanga timibulu ta naitirojeni ku mizu bwino asidi akachepa, ndipo chimanga chibwererepo chaka chotsatira. Nandolo tinamuganizira, koma kuno mbuzi zimamasulidwa chimanga chikangochoka m'munda, iye asanakhwime. Mapesi azisonkhanitsidwa msanga kukhala kompositi moto usanafike. Pakatha zaka ziwiri tidzatapanso dothi m'gawo loyamba, ulendo uno pakuya kuwiri: kuyambira pamwamba mpaka masentimita 20, ndi kuyambira 20 mpaka 40.